Kusankha wogulitsa ndi Excel: tebulo loyerekeza mtengo, ubwino wa katundu ndi masiku obweretsa

Makotesheni anayi akakhala pamaso panu, maso amathamangira pa nambala yaing'ono. Koma aliyense amalemba kotesheni mwanjira yake. Uyu waphatikizamo mayendedwe, uyo sanaphatikize, wina akulonjeza masabata awiri pomwe mnzake akuti mwezi wathunthu, ndipo katundu wawo si wofanana ngakhale dzina lake ndi limodzi. Tebulo lomwe tipange pano limaika ogulitsa onse pa muyeso umodzi, aliyense n'kupeza malikisi pa 100.

Titenge komiti ya sukulu yomwe ikufuna madesiki 60, a miyendo yachitsulo ndi thabwa pamwamba. Anthu anayi owotcherera apereka mitengo, ndipo tiwatcha A, B, C ndi D. Manambala onse ndi ophunzirira chabe, si mitengo ya pamsika. Mukamvetsa njira yake, muikamo zanu, kaya ndi malata, chakudya cha nkhuku kapena mayunifomu.

Gwirizanani kaye musanatsegule makotesheni

Ntchito yoyamba sifuna kompyuta. Khalani pansi ndi anzanu a mu komiti, mugawe 100 peresenti pa zinthu zitatu: mtengo, ubwino wa katundu, ndi masiku obweretsa. Kugawa kumeneku tikutcha kulemera. M'chitsanzo chathu mtengo ukulemera 50, ubwino 30, masiku 20.

Chitani zimenezi maenvelopu asanatsegulidwe, ndipo zilembedwe mu mfundo za msonkhano. Munthu amene waona kale mitengo amadziwa kuti akakweza ubwino pang'ono mlamu wake apambana, ndipo Excel sangamuletse, amangowerengera zomwe wapatsidwa. Pa msonkhano womwewo gwirizananinso malikisi a ubwino ochepetsetsa omwe mungalandire. Ife tiika 6 pa 10. Muona kutsogoloku kuti nambala imeneyi ndi imene ipulumutse ndalama za sukuluyi.

Kuyala tsamba

Tsegulani fayilo yatsopano. Pamwamba pa tsamba tiikapo manambala omwe mafomula onse azidzatengako. Mu A2 lembani "Kuchuluka", mu B2 lembani 60. Mu A3, A4 ndi A5 lembani "Mtengo", "Ubwino" ndi "Masiku", ndipo mu B3, B4 ndi B5 lembani 50%, 30% ndi 20%. Chizindikiro cha peresenticho musachisiye. Mukalemba 50 chabe, malikisi omaliza adzatuluka m'masauzande. Mu A7 lembani "Ubwino wochepetsetsa", mu B7 lembani 6.

Mu B6 muikemo fomula yophatikiza kulemera konse, ndipo mu C6 ina yokuchenjezani ngati sizikukwana 100:

```
B6:  =SUM(B3:B5)
C6:  =IF(ROUND(B6,2)=1,"Zakwana","Konzani")
```

Zomwe zili kumanzere kwa madontho awiriwo zikungosonyeza kabokosi kolembamo. Inu muyambire pa chizindikiro cha =. Ngati Excel akukana fomula yolembedwa bwinobwino, yesani kuika `;` m'malo mwa `,` paliponse mkati mwa fomulayo. Makompyuta ena, makamaka omwe anakonzedwera ku South Africa, amafuna choncho.

Mitu ya tebulo ipite mu mzere 9, kuyambira A9 mpaka K9, motsatana chonchi: Wogulitsa, Mtengo wa imodzi, Mayendedwe, Mtengo wonse, Ubwino, Masiku, Malikisi a mtengo, Malikisi a ubwino, Malikisi a masiku, Malikisi onse, Malo. Sankhani mzere wonsewo ndi kudina Wrap Text pa Home kuti mitu yaitali isadukize. Ogulitsa athu akhala mu mizere 10 mpaka 13, aliyense mzere wake. Manambala awo ndi awa:

```
     A    B        C        E    F
10   A    85000    100000   7    21
11   B    76000    240000   4    14
12   C    100000   0        9    28
13   D    82000    480000   8    35
```

Lembani manambala okhaokha. Musaike K kutsogolo kwa ndalama, musalembe "masiku 21" kapena "masabata atatu" mu kolamu F. Mukatero Excel amawatenga ngati mawu, ndipo mudzadziwira poti amakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe manambala enieni amakhala kumanja. Kuti ndalama zizioneka ndi makoma, sankhani B10 mpaka D13, dinani Ctrl+1, pitani pa Number, kenako chongani Use 1000 Separator.

Mtengo weniweni ndi wa desiki yomwe yafika pasukulu

Apa ndi pomwe makotesheni ambiri amapusitsira anthu. Mtengo woti muyerekeze ndi ndalama zonse zomwe zituluke mu akaunti ya sukulu mpaka madesiki atatsitsidwa pakhomo la kalasi. Wogulitsa C akuti abweretsa yekha, choncho mu C12 muli 0. Wogulitsa D ali kutali, kumafunika lole. Ngati wina sanatchule za mayendedwe, musasiye kabokosi kopanda kanthu ngati kuti ndi zaulere. Muimbireni, kapena funsani mwini lole, muike nambala.

Msonkho wa VAT nawonso muuyang'ane. Kampani yolembetsedwa ku MRA pa msonkhowu ikhoza kulemba mtengo wopanda VAT n'kuuwonjezera m'munsi, pomwe wowotcherera wamng'ono amangolemba nambala imodzi. Mu kolamu B ikani mtengo womwe mulipiredi, msonkho uli momwemo ngati ulipo. Onaninso ngati onse akunena za chinthu chimodzi: desiki yokhalapo ana awiri ndi yokhalapo atatu sizingakhale mu tebulo limodzi. Wina akapereka mtengo wa chinthu chosiyana ndi chomwe munapempha, mubwezereni kotesheniyo akonze.

Mu D10 lembani fomula iyi, kenako muikokere pansi mpaka D13 pogwira kadontho ka pakona ya kabokosiko:

```
D10:  =B10*$B$2+C10
```

Zizindikiro za `$` zikumanga B2 kuti isasunthe pamene mukukoka. Mukalemba B2 n'kudina F4 nthawi yomweyo, Excel amaziika yekha. Mukaziiwala, mzere 11 uchulukitsa ndi B3 m'malo mwa B2, ndipo mudzaona madesiki a B akutuluka K278,000 onse pamodzi. Mtengo wotsika modabwitsa pa mzere wachiwiri nthawi zambiri umachokera pamenepa.

Zikayenda bwino, A atuluka K5,200,000, B atuluka K4,800,000, C atuluka K6,000,000 ndipo D atuluka K5,400,000. Taonani A ndi D. Pa kotesheni D anali wotchipa ndi K3,000 pa desiki iliyonse, koma mayendedwe atalowapo wadula kuposa A ndi K200,000.

Ubwino usachokere m'mutu mwa munthu mmodzi

Mtengo ndi masiku zalembedwa papepala, koma ubwino muyenera kuupereka nokha, ndipo mkangano wambiri umabuka apa. Pemphani wogulitsa aliyense abweretse desiki imodzi ya sampulo, kapena pitani ku sukulu yomwe anagulitsako chaka chatha mukaone momwe madesiki ake alili panopa. Ya chaka chathayo imanena zoona kuposa sampulo yopakidwa vanishi dzulo.

Musanayambe kupereka malikisi, gwirizanani zoyang'ana. Pa desiki, itembenuzeni muone powotcherera: pali mzere wodzaza mozungulira kapena angodonthezapo timadontho tiwiri? Inyamuleni mumve kulemera kwa chitsulo, chifukwa paipi yopyapyala imapepuka m'manja ndipo imapindika ana akamaikoka. Thabwa likhale louma. Laliwisi limamveka lozizira ndi lolemera, ndipo likadzauma limapindika n'kung'ambika pomwe pali mabawuti. Pititsani dzanja m'mphepete, muone ngati sipangabaye mwana kapena kung'amba yunifomu.

Anthu atatu apereke malikisi pa 10, aliyense papepala lake osaonerana, kenako mutenge apakati. Mukhoza kulemba onse atatu mu kabokosi komweko kuti umboni usatayike. Ngati A anapatsidwa 7, 8 ndi 6:

```
E10:  =AVERAGE(7,8,6)
```

Kabokosiko kaonetsa 7, koma mukakadina muona momwe 7 ameneyo anabwerera. Ngati mmodzi wapereka 9 pomwe anzake apereka 4 ndi 5, musathamangire kutenga apakati. Bwererani pa desikiyo nonse, afotokoze chomwe waona. Mwina waona chinthu chomwe anzake sanachione, mwinanso pali china chomwe sakunena.

Kuti wina asalembe 80 m'malo mwa 8, sankhani E10 mpaka E13, pitani pa Data, Data Validation, musankhe Decimal, muike 1 pa Minimum ndi 10 pa Maximum.

Kusandutsa makwacha ndi masiku kukhala malikisi

Makwacha mamiliyoni asanu, malikisi 7 ndi masiku 21 sizingaphatikizidwe momwe zilili. Zonse ziyenera kusanduka malikisi pa 100, ndipo nambala yaikulu izitanthauza chinthu chabwino. Pa ubwino n'zosavuta, mungochulukitsa ndi 10. Pa mtengo ndi masiku zimatembenuka, poti wochepa ndiye wabwino. Njira yake ndi kutenga nambala yotsikitsitsa pa onse n'kuigawa ndi nambala ya wogulitsa aliyense. Wotchipitsitsa apeza 100, ndipo amene wadula kawiri apeza 50.

```
G10:  =MIN($D$10:$D$13)/D10*100
H10:  =E10*10
I10:  =MIN($F$10:$F$13)/F10*100
```

Kokerani onse atatu pansi mpaka mzere 13, ndipo muchepetse manambala a pambuyo pa kadontho ndi batani la Decrease Decimal kuti patsale imodzi. Pa mtengo mupeza A 92.3, B 100, C 80 ndi D 88.9. Pa masiku mupeza A 66.7, B 100, C 50 ndi D 40.

Yesani mzere umodzi ndi kakyuleta ya pafoni: 4,800,000 kugawa ndi 6,000,000 ndi 0.8, ndiye kuti C ali ndi 80. Onaninso kuti mu G ndi mu I muli 100 mmodzi yekha, pokhapokha ngati awiri apereka nambala yofanana. Mukaona wogulitsa wa mzere womaliza wapeza 100 pomwe si wotchipitsitsa, ndiye kuti munaiwala `$` mkati mwa MIN. Malo oyang'ana anatsetsereka limodzi ndi fomula, ndipo pofika pansi wogulitsayo akudziyerekeza ndi iye mwini.

Anthu ena amakonda kupereka malikisi potengera malo, woyamba 4, wachiwiri 3, choncho. Ine sindiikonda njira imeneyo. Imachititsa kuti kusiyana kwa K5,000 kuoneke chimodzimodzi ndi kusiyana kwa miliyoni. Kugawa kumene tachitaku kumasunga kukula kwa mpata pakati pa ogulitsa.

Tsopano malikisi onse ndi malo:

```
J10:  =G10*$B$3+H10*$B$4+I10*$B$5
K10:  =RANK(J10,$J$10:$J$13,0)
```

Ziro wakumapeto mu RANK akutanthauza kuti wamalikisi ochuluka akhale nambala 1. Mukakokera pansi, B apeza 82.0, A apeza 80.5, C apeza 77.0 ndipo D apeza 76.4.

Wapambana ndi wa madesiki ofooka

B ndi amene wapambana, yemwe desiki yake komiti inaipatsa 4 pa 10. Fomula sinalakwitse paliponse. Tebulo la mtundu uwu limalola kuti mphamvu ya mbali ina ikwirire kufooka kwa mbali ina. B watenga malikisi onse 50 a mtengo ndi onse 20 a masiku, ndiye ngakhale pa ubwino wangotenga 12 pa 30, wadutsabe anzake. Komanso kutchipa kwake ndi liwiro lake mwina zikuchokera kumene kwachokera kufookako: paipi yopyapyala ndi yotchipa, ndipo thabwa laliwisi silidikira kuuma.

Pamenepa ndi pomwe 6 wa mu B7 uja akugwira ntchito. Aliyense amene sanafike pa 6 atuluke mu mpikisano malikisi asanaphatikizidwe. Sinthani J10 ndi K10 motere, mukokerenso pansi:

```
J10:  =IF(E10<$B$7,"Wagwa",G10*$B$3+H10*$B$4+I10*$B$5)
K10:  =IF(ISNUMBER(J10),RANK(J10,$J$10:$J$13,0),"-")
```

Mzere wa B tsopano ukuonetsa "Wagwa". Koma pali chinthu china chomwe ambiri sachiona. B watuluka, koma mtengo wake wa K4,800,000 ndi masiku ake 14 akadali muyeso wa anzake mu G ndi mu I. Anthu atatu otsalawa akuyerekezedwa ndi mtengo wa katundu yemwe simungamugule n'komwe. Muyeso uyenera kuchokera kwa okhawo amene adutsa, ndipo MINIFS ndi amene amachita zimenezo:

```
G10:  =MINIFS($D$10:$D$13,$E$10:$E$13,">="&$B$7)/D10*100
I10:  =MINIFS($F$10:$F$13,$E$10:$E$13,">="&$B$7)/F10*100
```

Fomulayi ikunena kuti: peza nambala yotsikitsitsa mu D, koma pa mizere yokhayo yomwe ubwino wake mu E wafika pa zomwe zili mu B7. Samalani ndi `">="&$B$7`, chifukwa zizindikiro zogwira mawuzo ndi `&` zikasowa fomula sigwira. Tsopano wotchipitsitsa ndi A, ndipo wachangu ndi A yemweyo ndi masiku 21. Pa mtengo A ali ndi 100, C 86.7, D 96.3. Pa masiku A ali ndi 100, C 75, D 60. Malikisi onse: A 91.0, C 85.3, D 84.1. Mu mzere wa B muona manambala opitirira 100. Asakudetseni nkhawa, sakuwerengedwanso.

MINIFS amapezeka mu Excel 2019 ndi otsatira ake, komanso mu Microsoft 365. Pa kompyuta ya Excel wakale adzaonetsa `#NAME?`. Zikatero siyani mafomula a MIN aja momwe analili, mudule mzere wa wogulitsa wakugwayo ndi Ctrl+X n'kuuika m'munsi mwa tebulo, mwachitsanzo pa mzere 16. MIN sawerengera timabokosi topanda kanthu, choncho zotsatira zidzakhala zomwezi. Musamufufute. Tsiku lina adzabwera kudzafunsa chifukwa chomwe sanasankhidwire pomwe anali wotchipa, ndipo mudzafuna kumuonetsa.

Kodi kufulumira kukukupindulirani chiyani?

Fomula ya masiku ija ikuganiza kuti tsiku lililonse lopulumutsidwa ndi phindu. Pa chakudya cha nkhuku chomwe chatsala cha masiku atatu, zimenezo n'zoona. Pa madesiki sizikhala choncho nthawi zonse. Tinene kuti sukulu itsegulira pakatha masiku 42. Madesiki obwera pa tsiku la 21 ndi obwera pa tsiku la 35 onse apeza ana asanafike, ndipo oyambirirawo angokhala m'kalasi yotseka. Kumuchotsera D malikisi 40 pa chinthu chomwe sichikupwetekani si chilungamo.

Ngati zanu zili choncho, lembani "Masiku omwe tili nawo" mu A8 ndi 42 mu B8, ndipo I10 ikhale:

```
I10:  =IF(F10<=$B$8,100,$B$8/F10*100)
```

Aliyense wofika nthawi isanathe apeza 100, wochedwa yekha ndi amene achotseredwe. Taonani zomwe zachitika: A akadali pa 91.0, C wakwera kufika 90.3, ndipo D, amene anali womaliza, wafika pa 92.1 n'kukhala nambala 1. Makotesheni ndi omwewo, kulemera n'komweko, wopambana wasintha.

Ndiye fomula yolondola ndi iti? Zikutengera ntchito yanu, ndipo ili ndi funso linanso loyenera kuyankhidwa pa msonkhano woyamba uja. Maganizo anga pa madesikiwa ndi akuti fomula yachiwiriyi ndi yabwino, koma mu B8 musaikemo tsiku lenileni lotsegulira. Amisiri amachedwa, magetsi amazima, chitsulo chimasowa. Chotsanipo masabata awiri, muike 28. Mukatero A ndi C apeza 100, D apeza 80, ndipo malikisi onse akhala A 91.0, C 90.3, D 88.1.

Fomula yachiwiriyi imathetsanso vuto lina. Wogulitsa akati "ndili nawo kale, mawa lomwe ndibweretsa", mukaika 1 mu F pa fomula yoyamba ija, anzake onse amagwa mochititsa chisoni: wa masiku 21 amapeza malikisi osakwana 5. Mukaika 0, iye amaonetsa `#DIV/0!` ndipo anzake onse amapeza ziro.

Dziwaninso kuti nambala ya mu F ndi lonjezo chabe. Ngati wogulitsa munagwirapo naye ntchito ndipo analonjeza masiku 14 n'kubweretsa patatha 30, lembani zomwe anachita, ndipo muike chifukwa chake pambali mu kolamu L. Amene simukumudziwa, funsani kwa omwe anawagulitsapo.

Gwedezani kulemera muone ngati wopambana aima

Tibwerere ku tebulo la MINIFS lija, la A 91.0, C 85.3, D 84.1. Poti kulemera kuli mu B3 mpaka B5 osati mkati mwa mafomula, mukhoza kukusintha n'kuona zotsatira nthawi yomweyo. Cholinga si kusaka manambala oti amene mukumufuna apambane. Mukufuna kudziwa ngati chisankho chanu chili cholimba kapena chikulendewera pa ulusi.

Ikani 40%, 40%, 20%. A apeza 88.0, C 85.7, D 82.5, ndipo A akadali patsogolo. Ikani 40%, 45%, 15%. A ali ndi 86.5, C ali ndi 86.4, agundana. Pa 40%, 50%, 10% C wadutsa ndi 87.2 pomwe A ali pa 85.0. Mwaphunzira kuti A apambanabe, kupatula ngati komiti ikuona ubwino kukhala pafupifupi theka la nkhani yonse. Limenelo ndi funso lomwe anthu angakambirane momveka: kodi kukwera kuchoka pa 7 kufika pa 9 n'koyenera K800,000 yowonjezera? Mukatha kuyesa, bwezerani 50%, 30%, 20% zomwe munagwirizana.

Kusiyana kosakwana malikisi awiri kapena atatu musakutenge ngati chigamulo. Malikisi amodzi okha a ubwino, kuchoka pa 7 kufika pa 8, amasuntha malikisi onse ndi 3 pa kulemera kwa 30%, ndipo mukudziwa kuti 7 ameneyo anachokera m'maso mwa anthu atatu. Awiri akayandikana choncho, yang'anani zomwe tebulo silikuona: ndani akufuna dipoziti yaikulu musanaone katundu, ndani wavomera kudzakonza desiki ikathyoka m'teremu yoyamba, ndani ali pafupi moti mungamuyendere ntchito ili mkati.

Palinso malire a ndalama. Tebulo silidziwa zomwe zili mu akaunti. Ngati sukulu ili ndi K5,500,000 yokha, C sangagulidwe ngakhale atapeza malikisi 99, ndipo ndi bwino kumutulutsa koyambirira monga tinachitira ndi B.

Kumalizitsa

Kuti dzina la wopambana lizioneka lokha, lembani "Wopambana" mu A15 ndi fomula iyi mu B15:

```
B15:  =INDEX($A$10:$A$13,MATCH(MAX($J$10:$J$13),$J$10:$J$13,0))
```

Awiri akafanana malikisi ndendende, fomulayi imangoonetsa amene ali pamwamba pa mndandanda, choncho muziyang'ananso kolamu K. Mukafuna mtundu, sankhani K10 mpaka K13, pitani pa Home, Conditional Formatting, Highlight Cells Rules, Equal To, mulembe 1.

Wogulitsa wachisanu akabwera, musamuike pansi pa mzere 13, chifukwa mafomula onse akuthera pomwepo ndipo sadzamuona. Dinani kumanja pa nambala ya mzere 12, musankhe Insert. Mzere watsopano ukalowa pakati, Excel amakulitsa yekha malo onse a m'mafomula mpaka mzere 14. Inu mungokokera mafomula a D ndi a G mpaka K kuchokera mzere wa pamwamba pake.

Mukaona `#VALUE!` mu kolamu D, pali mtengo womwe unalembedwa ndi K kapena ndi mawu ena. `#DIV/0!` mu kolamu I ndiye kuti mu F muli kabokosi kopanda kanthu kapena ziro. Mizere ya `####` si vuto la fomula, kolamu yangochepa, ikokereni ikule.

Mu kolamu L lembani tsiku lomwe kotesheni iliyonse inaperekedwa ndi masiku omwe mtengowo ugwire ntchito. Mitengo ya chitsulo ndi mafuta ikasuntha, kotesheni ya mwezi watha sifanananso ndi ya sabata ino, ndipo muyenera kupempha onse atsimikize mitengo yawo tsiku limodzi musanawerengere komaliza. Posindikiza, pitani pa Page Layout, Orientation, Landscape, ndipo pa File, Print musankhe Fit All Columns on One Page kuti makolamu onse akwane pa pepala limodzi. Amene anapereka malikisi a ubwino asayine pansi pake, ndipo pepalalo limangidwe pamodzi ndi makotesheni onse anayi, kuphatikizapo ya B.